Khadi ya 4242 ikadutsa, ntchito yoyesa yangoyamba

"Achimwene, ndili ku Leeds ndipo ndikukonzera azakhali anga webusayiti yogulitsira zitenje. Ndalumikiza Stripe koma ndikuopa kudina batani lolipira, mwina ndalama zanga zingapite. Ndiyese bwanji? Ndipo ndidziwa bwanji kuti zakonzeka kulandira ndalama za anthu?"

Dinani popanda mantha, achimwene, bola muyang'ane kaye makiyi amene mwaika mu pulogalamu yanu. Stripe, kampani yolandirira malipiro a pa intaneti, imapereka makiyi a mitundu iwiri. Oyesera amayamba ndi `pk_test_` ndi `sk_test_`, pomwe a malonda enieni amayamba ndi `pk_live_` ndi `sk_live_`. Pulogalamu ikalankhula ndi Stripe pogwiritsa ntchito kiyi yoyesera, pempho limathera mu sandibokosi, malo oyeserera okha. Silifika ku Visa, silifika kubanki iliyonse. Stripe imangoyankha yokha monga momwe banki ikanayankhira. N'chifukwa chake ngakhale mutalembamo khadi yanu yeniyeni, ikanidwa, ndipo palibe ndalama imene ichoke.

Yankho limene mulandire limadalira nambala imene mwalemba. Yodziwika kwambiri ndi `4242 4242 4242 4242`, imene imachita ngati khadi ya Visa yokhala ndi ndalama. Pa tsiku lothera lembani mwezi ndi chaka chilichonse cham'tsogolo, pa `CVC` manambala atatu alionse. Malipiro adutsa ndipo muwaona pa tsamba lanu la Stripe, mbali ya zoyesera.

Apa ndi pamene ambiri amaimira, n'kunena kuti zatheka. Ine sindivomereza. Khadi imeneyi imangokuuzani kuti zinthu zimayenda tsiku limene chilichonse chili bwino, koma azakhali anu adzavutika ndi masiku enawo.

Titenge chitenje cha mapaundi 19.99. Stripe siwerenga mapaundi, imawerenga mapensi, choncho muyenera kutumiza `1999`. Mukachulukitsa 19.99 ndi 100 mu JavaScript, yankho limatuluka `1998.9999999999998`, ndipo mukangodula zakumapetozo mwalipiritsa 1998. Pensi imodzi ndi yochepa, koma mabuku a shopu sadzagwirizana ndi zimene zalowa. Sungani mitengo m'mapensi kuyambira pachiyambi. Mukalipira ndi 4242, musakhutire ndi mawu akuti zatheka. Tsegulani malipirowo pa Stripe muone ngati palembedwa 19.99 ndiponso ngati ndi mapaundi, osati madola.

Kenako gulani chitenje chomwecho ndi `4000 0000 0000 9995`. Iyi imakanidwa ngati khadi yopanda ndalama zokwanira, ndipo chifukwa chake chimalembedwa `insufficient_funds`. Funso si lakuti yakanidwa kodi, pakuti ikanidwa ndithu. Yang'anani kwanu. Kodi oda ikadali yosalipiridwa? Ngati munali zitenje 5 za mtundu umenewo, zikadali 5, kapena pulogalamu yachotsa kale chimodzi? Kodi kasitomala angayese khadi ina osayambiranso kusankha katundu? Pamene `4000 0027 6000 3184` imatulutsa kawindo ka 3D Secure nthawi zonse, kaja kamene banki imafunsa mwini khadi kuti atsimikize kuti ndi iyeyo. Ku Britain kumeneko makasitomala anu azikumana nako kawirikawiri chifukwa malamulo amafuna kutsimikizira kotere pa malipiro ambiri a pa intaneti. Kawindo koyesera kali ndi batani lovomereza ndi lina lolephera. Dinani onse awiri, makamaka lolephera.

Koma chimene ndikufuna mutayirepo nthawi yambiri ndi njira imene seva yanu imadziwira kuti munthu walipira. Kasitomala akamaliza pa tsamba la Stripe Checkout, amabwezedwa ku adiresi imene munaika mu `success_url`. N'zokopa kulemba kuti munthu akangofika pa tsamba limenelo, oda isinthe kukhala yolipiridwa. Njira imeneyi imabooka mbali ziwiri. Mayi wina walipira ali m'sitima, netiweki yaduka asanabwerere kwanu: ndalama zachoka, koma azakhali alibe oda iliyonse, ndipo adzamva za nkhaniyi pakatha sabata kuchokera kwa munthu wokwiya. Mbali inayo, munthu wochenjera akaidziwa adiresiyo angathe kungoilemba yekha osalipira kanthu, chitenje n'kutumizidwa.

Chodalirika ndi uthenga umene Stripe imatumiza yokha ku seva yanu, umene timautcha webuhuku. Sudutsa pa foni ya kasitomala. Malipiro akatha pamabwera `checkout.session.completed`, ndipo pulogalamu yanu iyenera kuona ngati `payment_status` ili `paid` isanasinthe oda. Popeza kompyuta yanu ya kunyumba sioneka pa intaneti, ikani Stripe CLI, pulogalamu imene imabweretsa mauthengawa ku kompyuta yanu, ndi kuyendetsa lamulo ili, mutasintha doko ndi njira kuti zigwirizane ndi zanu:

```
stripe listen --forward-to localhost:3000/webhook
```

Lamuloli likupatsani chinsinsi choyamba ndi `whsec_`. Ndi chimene seva imagwiritsa ntchito potsimikiza kuti uthenga wachokeradi ku Stripe. Popanda kutsimikiza kumeneku aliyense angakutumizireni uthenga wabodza wonena kuti walipira. Tsopano yesani motere. Chotsani kaye chilichonse chosintha oda pa tsamba lothokoza lija, litsale longonena kuti zikomo. Lipirani ndi 4242. Oda ikasintha, ndiye kuti webuhuku ikugwira ntchito. Kenako pangani oda ina, musalipire, mungotsegula tsamba lothokoza polemba adiresi. Iyenera kukhala yosalipiridwa.

Dziwaninso kuti uthenga umodzi ukhoza kufika kawiri. Seva yanu ikachedwa kuyankha kapena ikayankha ndi vuto, Stripe imatumizanso, ndipo pa malonda enieni imayesabe mpaka masiku atatu. Uthenga uliwonse uli ndi nambala yake yoyamba ndi `evt_`. Isungeni, ndipo ikabweranso yankhani `200`, kutanthauza kuti uthenga walandiridwa, osachita kanthu kena. Mukapanda kutero, kasitomala mmodzi alandira maimelo awiri ndipo azakhali amanga mapaketi awiri. Zimenezi n'zosavuta kuziyesa mu sandibokosi, ndipo kumeneko sizidya ndalama ya munthu.

Pali zimene sandibokosi singakuonetseni. Siili ndi banki yeniyeni imene ingakayikire shopu yatsopano n'kukana khadi yabwinobwino, ndipo ndalama zimene mukuona pamenepo sizidzafika ku akaunti ya azakhali. Komanso zimene mwapanga kumbali yoyesera sizisamukira zokha kumbali yeniyeni. Tsiku losintha makiyi, mtengo umene munaupanga poyesa, wa nambala yoyamba ndi `price_`, sudzapezeka, ndipo mudzaona `No such price`. Adiresi ya webuhuku muyenera kuilembetsanso kumbali yeniyeni, ndipo idzakhala ndi `whsec_` yakeyake. Mukaiwala kusintha chinsinsichi, anthu azilipira bwinobwino koma seva yanu izikana uthenga uliwonse, maoda onse n'kumaoneka osalipiridwa. Chizindikiro chake ndi mndandanda wa mauthenga olephera pa tsamba la Stripe.

Wina akuuzani kuti mukasintha makiyi mungogula ndi khadi yanu kenako n'kudzibwezera. Mgwirizano wa Stripe umaletsa kuyesa ndi khadi yeniyeni kumbali ya malonda enieni, ndipo mukabweza ndalama, chindapusa chimene Stripe inadula sichibwerera. Chabwino n'kudikira kasitomala woyamba muli tcheru: onani malipiro ake pa Stripe, onani kuti uthenga wake wayankhidwa `200`, ndiye muone ngati oda yasintha kwanu musanauze azakhali kuti amange paketi. Ndipo kiyi ya `sk_live_` ikhale pa seva pokha, musaiike mu GitHub kapena kuitumiza pa WhatsApp, ngakhale kwa ine.