Kai-sikweya yanga yatuluka ziro, ndiye kuti zili bwino?

"Ndili chaka chachiwiri ku Chanco. Funso likuti mwana mmodzi mwa 400 amabadwa ndi sikoselo. Ndapeza p ndi q, ndachita kai-sikweya, yatuluka 0. Ndilembe kuti anthuwa akutsata lamulo la Hardy-Weinberg?"

Achemwali, musalembe choncho. Ziro ameneyo mwamupanga nokha.

Gawo loyamba mwina mwakhoza. Odwala ndi a SS, omwe ali ndi majini awiri a sikoselo. Gawo la jini ya S pakati pa anthu ndi q, la jini yabwinobwino ya A ndi p, choncho q² = 1/400, q = 0.05, p = 0.95. Onyamula jiniyo koma osadwala, a AS, ndi 2pq = 0.095, kutanthauza anthu 38 mwa 400 aja. Wodwala mmodzi, onyamula 38! Koma taonani pomwe munatenga muzu wa 1/400 paja. Kunena kuti odwala ndi q² ndi kuvomereza kale kuti lamulolo likugwira ntchito. Mukabwerera kukaliyesa ndi manambala omwewo, muli ngati wogulitsa nsomba za ku Chilwa amene akuyesa sikelo yake ndi mwala womwe anaupima pa sikelo yomweyo. Zigwirizana basi.

Kuyesa kwenikweni kumafuna magazi. Muyenera kuwerenga magulu onse atatu mu labu, chifukwa wa AA ndi wa AS simungawasiyanitse ndi maso. Manambala awa ndangopeka kuti muone njira: mwayeza akuluakulu 1000, mwapeza AA 800, AS 200, SS palibe. Werengani majini, osati anthu. Aliyense ali ndi awiri, onse pamodzi 2000, ndipo a S alipo 200. Ndiye q = 0.1, p = 0.9. Lamulo likuyembekezera AA 810, AS 180, SS 10. Kuti mupeze kai-sikweya, pa gulu lililonse tengani sikweya ya kusiyana kwa zomwe mwapeza ndi zoyembekezeka, mugawe ndi zoyembekezekazo, kenako muphatikize.

```
100/810 + 400/180 + 100/10 = 12.35
```

Malire ake ndi 3.84, osati 5.99. Apa ndi pomwe ambiri tinkataya malikisi. Magulu ndi atatu inde, koma mumachotsa 1 chifukwa chiwerengero chonse n'chodziwika, n'kuchotsanso 1 chifukwa q mwamutenga m'manambala omwewo, ndiye df = 1. Popeza 12.35 wapitirira 3.84, gululi silikutsata lamulo.

Musathere pamenepo, onani komwe kwapendekera. Pa 12.35 uja, 10 yense wachokera kwa a SS khumi omwe akusowa. Ana a SS osalandira chithandizo ambiri safika pa ukulu, pomwe a AS amatetezeka ku malungo aakulu kuposa a AA. Ineyo ndikanayamba ndakayikira labu ndi momwe anthuwo anasankhidwira, chifukwa kusokoneza zotsatira kapena kuyeza pachibale pokhapokha kumapendeketsanso manambala.

N'chifukwa chake mawu oti "amabadwa" mu funso lanu si okongoletsa. Mukanawerenga odwala pakati pa akuluakulu, q akanachepa, onyamula n'kuoneka ochepa kuposa momwe alili. Poyankha lembani 0.095, muonjezere kuti mwaganizira kuti anthu amakwatirana mosayang'ana jiniyi, ndipo kai-sikweyayo mufufute.