Anayi otsalawo muwauze, musangoti zii

"Abale, ndili ndi kashopu kosoka zovala ku Fordsburg. Ndinaitana anthu asanu ku intaviyu, ndasankhapo mmodzi. Enawa ndiwauza bwanji? Wina ndi wakwathu ku Mangochi, wina ndi woyembekezera."

Achemwali, yambani mwadikira kuti amene mwamusankhayo avomere malipiro ndi tsiku loyambira, chifukwa akakana mudzabwerera kwa wachiwiri. Akangovomera, enawo auzeni tsiku lomwelo kapena mawa lake.

Mawu amene ndimadana nawo ndi akuti "tikuimbirani" pamene mumtima mwatseka kale nkhani. Ine ndinawadikirapo mawu amenewa milungu itatu nditangofika kuno ku Joni, mpaka ndinakana ganyu ina poopa kuti foni ilira ndili kutali. Siinalire. Munthu wabwereka ndalama ya takisi kuchokera ku Diepsloot, lendi ikumudikira, ndiye ayenera kudziwa msanga kuti akayang'ane kwina.

Poti munaonana nawo maso ndi maso, aimbireni. Akapanda kuyankha, lembani pa WhatsApp, aliyense payekha, osati pagulu. Mungathe kunena chonchi: "Zikomo pobwera Lachiwiri. Ntchito ija tapereka kwa munthu wina, pepani kuti ulendo uno sizinatheke. Timafuna wozolowera makina omata m'mphepete mwa nsalu, ndipo pamayeso paja m'pamene munatsalira." Yankho libwere koyambirira, chifukwa mukayamba ndi kuyamikira kwambiri munthu amaganiza kuti wapambana. Chifukwa chake chikhale chimodzi, choona, chokhudza ntchitoyo basi.

Za mayi woyembekezerayo, apa samalani ndithu. Musanene kuti "mukachira mudzabwere" kapena "ntchitoyi ingakulemereni ndi pakatipa", ngakhale mukunena mwachifundo. Lamulo la dziko lino, Employment Equity Act la 1998, limateteza ngakhale munthu wongofunsira ntchito, ndipo limaletsa kusala munthu chifukwa cha pakati, msinkhu, banja, chipembedzo, mtundu, chilankhulo kapena HIV. Wodandaula ali ndi miyezi 6 yokatula nkhani ku CCMA, bungwe lomva madandaulo a pantchito, ndipo uthenga wanu wa pafoni ndiye umboni wake. Komanso dzifunseni nokha moona mtima: ngati pakatipo m'pamene panakubwezani, vuto silili pa kayankhulidwe, lili pa kasankhidwe, ndipo ndi bwino muunikenso musanaimbe foni.

Wakwanu uja ndiye wovuta pamtima, ndikudziwa, poti nkhani ikafika kumudzi. Komabe musaname kuti "bambo akunyumba ndi amene akana", adzamva zoona kwa ena. Musatchulenso dzina la amene mwamutenga kapena kumufanizira naye. Akayamba kudandaula mumvetsereni, koma osatsegulanso zokambirana ngati kuti mungasinthe maganizo.

Zoti "malo akapezeka tidzakuitanani" nenani kwa yekhayo amene mungamuitanedi, ndipo mumupemphe chilolezo chosunga nambala yake. Mapepala a enawo, makamaka mafotokope a pasipoti ndi pemiti, abwezeni kwa eni ake kapena muwang'ambe, asamangokhala m'dilowa ya mushopu.