Madzi, utsi ndi moto: chilichonse chimatsuka chake

"Kodi madzi, utsi ndi moto m'miyambo ya zipembedzo zimayeretsa chinthu chimodzi?"

Ayi. M'Chiyuda, chiwiya chimayeretsedwa mwa njira yomwe chinadetsedwera. Mphika wachitsulo umene unaphikira chakudya choletsedwa amautsuka, kuusiya maola 24, kenako kuumiza m'madzi obwadamuka. Madziwo akaleka kuwira mphika ukamalowa, mwambo sunatheke, mudikire awirenso. Koma chitsulo chowotchera nyama madzi sachitha, poti mafuta analowa ndi moto: amachiwotcha mpaka kufiira psuu. Mphika wadothi ndiye ulibe mankhwala, amati zolowamo sizituluka.

Pa munthu madzi amagwira ntchito ina. Msilamu akamachita wudhu, kusamba kokonzekera pemphero la swala, amachotsa chidetso choletsa swalayo, osati litsiro chabe, n'chifukwa chake kadontho ka penti pachikhadabo, kotchinga madzi kuti asafikepo, kamaononga wudhu. Utsi wa lubani m'tchalitchi cha Katolika kwenikweni ndi wolemekeza guwa ndi kuimira pemphero lokwera kumwamba.