Akuti sakundimva pa foni

"Anthu akandiimbira ine ndikuwamva koma iwo akuti sakundimva, nditani?"

Achimwene musathamangire kokonzetsa, nthawi zambiri limakhala fumbi basi, makamaka ngati foniyo imakhala mthumba. Yang'anani kabowo kakang'ono pansi pafupi ndi potchajira, maiki yolankhulira ili mmenemo. Chotsani kava kaye, kenako pukutani kabowoko pang'onopang'ono ndi mswachi wouma wofewa, koma chonde singano ayi, mungaboole kansefa kamkati vuto n'kukula.

Mukatero dzijambuleni mawu pa rekoda, mukamveka motsika kapena zii ndiye vuto ndi maiki ya pansiyo. Kenako imbirani munthu muyike pa sipika, mafoni ambiri apa amagwiritsa maiki ina ya pamwamba, ndiye akakumvani pa sipika pokha mwaipeza yovutayo. Ikakanabe mutapukuta ndiye maikiyo yafunika kusintha. Bulutufi muzimitsenso poyesapo, mwina foni yalumikizana ndi mahedifoni ali mchikwama.