Musanayatse kamera, dziwani chimene mubweze

"Ndili ndi kampani yonyamula katundu wa anthu. Galimoto yathu inafa panjira usiku, katundu wa makasitomala 40 n'kunyowa ndi mvula. Kwa masiku atatu sitinkayankha mafoni chifukwa tinasowa chonena, ndiye pano anthu akutinyoza pa intaneti. Ndikufuna kujambula vidiyo yopepesa. Kodi ndinenemo kuti wolakwa ndi dalaivala ndipo ndamuchotsa ntchito?"

Mayi, dalaivalayo musamutchule n'komwe. Munthu amene anakusiyirani katundu wake analandira lisiti la kampani yanu, za dalaivala sakuzidziwa. Mukaloza chala wantchito, woonera aliyense adzifunsa kuti nanga galimoto yopanda lona yabwino anaitulutsa ndani. Komanso ndikukayika ngati mvula ili pamtima pa anthuwa. Chawawawa kwambiri ndi foni yoitana masiku atatu popanda woyankha, ndipo amene sankayankhayo si dalaivala.

Vidiyo yopepesa imalimba ndi zimene mwakonza musanaijambule. Mu February 2007, ndege za JetBlue zinakanika kunyamuka pa bwalo la JFK ku New York chifukwa cha chipale chofewa ndi madzi oundana, ndipo anthu ena anakhala m'ndege zoima pansi kwa maola pafupifupi 10. M'masiku otsatira maulendo oposa 1,000 analephereka. Mkulu wa kampaniyo, David Neeleman, anapepesa pa YouTube, koma sanabwere chimanjamanja. Kampani inatulutsa chikalata chonena zimene munthu azipatsidwa ndege ikachedwa, malinga ndi kutalika kwa nthawi yochedwayo. Ngakhale anatero, mu May chaka chomwecho anamuchotsa pa mpando, choncho musayembekeze kuti vidiyo ifufuta zonse.

Inuyo muyambe ndi kukhala pansi ndi a inshuwalansi, ngati katunduyo anali pa inshuwalansi, chifukwa mapangano ambiri amaletsa kuvomera mlandu kapena kulonjeza ndalama iwo asanadziwe. Mukagwirizana, imbirani anthu 40 aja mmodzimmodzi. Zimapweteka kumva kupepesa kwako pagulu, foni yako isanalire.

Mawu ake akhoza kuyenda motere: "Ndine mwini wa kampaniyi. Lolemba usiku galimoto yathu inafa panjira ndipo katundu wa anthu 40 ananyowa chifukwa sitinamufunditse bwino. Kenako kwa masiku atatu sitinayankhe mafoni anu. Kumeneku kunali kulakwa kwanga, ndipo ndikupepesa. Ndalama zonyamulira tibweza kwa onse pofika Lachisanu. Za katundu woonongeka, tumizani chithunzi ndi lisiti pa nambala ili m'munsiyi, tikuyankhani pasanathe maola 48. Kuyambira lero galimoto iliyonse izinyamuka ndi lona ziwiri, ndipo foni ya usiku ili ndi woyankha."

Zimenezi sizitha ndi mphindi imodzi yomwe, ndipo zakwana. Onani kuti mulibe mawu akuti "ngati". Wonena kuti "pepani ngati ena mwakhumudwa" akutanthauza kuti mwina vuto ndi mtima wapachala wa kasitomala. Mulibenso "koma". Mukangoti "tikupepesa, koma mvulayo inali yoopsa", anthu asunga za mvula zokhazo n'kunena kuti mukuzemba. Tsiku limene mwatchula likhale loti mukwanitsadi. Ngati Lachisanu likukayikitsa, nenani Lachitatu la sabata yamawa, chifukwa lonjezo lojambulidwa anthu amalisunga m'mafoni.

Za kusagona kwanu ndi kuonda kwanu, kauzeni a kunyumba. Mu 2010, anthu 11 atafa pa ngozi ya chitsime cha mafuta cha BP, mkulu wake Tony Hayward anapepesa pamaso pa atolankhani, n'kuwonjezera kuti naye akufuna moyo wake ubwerere mwakale. Kupepesako palibe akukukumbukira, anthu anagwira chiganizo chomalizacho.

Pojambula, foni ikhale molingana ndi maso anu, muyang'ane pa kadiso ka kamera, osati pa nkhope yanu imene ikuoneka pa sikirini. Pepala likakhala pambali, maso amathawirathawira komweko ndipo zimaoneka msanga kuti mukuwerenga. Lowezani mfundo, mawu abwere okha, ngakhale mupunthwe kamodzi. Nyimbo yachisoni ayi, kuduladula vidiyo ayi, antchito ondandalika kumbuyo kwanu ngati kwaya ayinso.

Mukaitumiza, musatseke ndemanga, ndipo pakhale munthu woziyankha tsiku lonse loyamba. Mudziwa kuti yagwira ntchito anthu akasiya kunyozana nanu n'kuyamba kufunsa kuti lisiti likatayika atani. Yankho la funso limenelo likonzeni lero, chifukwa pa anthu 40 sipalephera ena amene malisiti awo ananyowera limodzi ndi katundu.