Imelo yotsatsa malonda kwa eni magolosale: musaimasulire mzere ndi mzere

"Abale, ndimagwira ntchito pa kampani yopikulitsa nyali za sola. Abwana andipatsa imelo ya Chingerezi kuti ndiisandutse Chichewa, ipite kwa eni magolosale ndi mahadiweya. Nkhani yake ndi yakuti katoni ya nyali 12 ya K180,000 tachotsera 10 peresenti mpaka pa 30 Meyi, ndipo wotenga makatoni asanu timamuperekera. Ndayesa kumasulira koma ikumveka ngati ndikuwalamula. Ndiyambire pati?"

Mayi, yambani ndi kuitseka imelo ya Chingereziyo. Muiwerenge kawiri, mulembe papepala mfundo zimene mwini golosale akufuna kudziwa (katundu wanji, mtengo wake, mpaka liti, afika bwanji, alipira bwanji), kenako mulembe kalata yatsopano kuchokera papepalalo. Mukamayang'ana Chingerezi polemba, ziganizo zake zimakukokani, ndipo ndi pamene pamachokera kamvekedwe kolamula kamene mukukadandaulako.

Kulamulako gwero lake n'lodziwika. Chingerezi chili ndi mawu amodzi otchulira munthu amene ukulankhula naye, kaya ndi mwana kaya ndi mfumu, ndipo otsatsa malonda a kumeneko amakonda ziganizo zazifupi zouza munthu chochita. Zikabwera kwathu kuno momwemo zimatuluka "gula lero", "usaphonye", "imba tsopano". Mwini sitolo wa zaka makumi asanu akaona "gula" sapitiriza kuwerenga. Kusintha kukhala "gulani" kumachotsa mwano, koma lamulo limatsalabe. Chofewetsa ndi kupereka njira m'malo mwa lamulo: "mukafuna kuoda, mutiimbire", "mungathe kutiyankha pa imelo yomwe ino", "tikupemphani kuti mutidziwitse". Mukamaliza kulemba, fufuzani kalata yonse ngati mwatsala "iwe", "wako", "yako" kapena "u-" koyambirira kwa mneni. Kawirikawiri kamodzi kamabisala chakumapeto, pamene wolemba watopa.

Malonje ndiwo ofunika kuwaganizira mofatsa. "Wokondedwa kasitomala" muchotseretu. "Wokondedwa" ndi wa munthu mmodzi, ndipo amanunkhira kalata ya chibwenzi, pomwe "kasitomala" amauza munthuyo kuti simukumudziwa. Ngati dzina mukulidziwa, lembani "Bambo Uje" kapena "Mayi Uje" ndi dzina la bambo awo, osati dzina loyamba monga amachitira Azungu. Ngati simukulidziwa, "Kwa eni sitolo" kapena "Moni bambo kapena mayi" akukwanira. "Achimwene", "amalume" ndi "madala" ndi a pakamwa, kwa munthu amene mwazolowerana naye, ndipo "bwana" akachuluka m'kalata amamveka ngati mukunyengerera. Malonje a chipembedzo asiyeni, popeza mndandanda wanu uli ndi Akhristu ndi Asilamu omwe. Mukapereka moni, dzitchuleni. Kwathu kuno mlendo safika pakhomo n'kuyamba ndi mtengo wa katundu asananene kumene wachokera. Koma mzere umodzi basi, chifukwa munthuyo akuwerenga pafoni, makasitomala ali pa kauntala.

Pali mawu angapo amene amagwetsa omasulira ambiri, ndipo ndikukhulupirira ena ali mu imelo yanuyo. Mawu a Chingerezi onena za mwayi wogula motsika mtengo ena amawamasulira "chopereka", owerenga n'kumaganiza za mbale ya kutchalitchi. Nenani chenichenicho: "tatsitsa mtengo". Mawu onena za wochita naye malonda amasanduka "bwenzi", ndiye taganizani mayi wapabanja akulandira kalata yakuti "tikufuna mukhale bwenzi lathu". Lembani "tikufuna tizichita nanu malonda". "Zotchipa" nazo samalani nazo, pakuti ambiri akamva nyali zotchipa amaganiza za zosachedwa kufa. "Mtengo wotsika" kapena "mtengo wopikulira" ndiwo abwino. Ndipo pamene Chingerezi chikudzitama kuti kampani yathu ndi yoposa onse, pamenepo dulani. Kudzichemerera m'Chichewa kumabweretsa chikayiko. Ikanipo chinthu chimene munthu angachiyese yekha, monga maola amene nyaliyo imayaka ikatchajidwa tsiku lonse, ngati chiwerengerocho muli nacho chotsimikizika.

Tsono pa 10 peresentiyo. Musamusiyire munthu masamu. Wogulitsa amaganiza m'makwacha, pa katoni ndi pa chinthu chimodzi, chifukwa ndi pamene amaonera phindu lake. Pa K180,000 mukachotsa K18,000 patsala K162,000, ndipo mukagawa kwa nyali 12, imodzi ikugwa pa K13,500 m'malo mwa K15,000. Manambala alembeni choncho, osati m'mawu, ndipo munene ngati msonkho uli kale mumtengomo. Kalata yonse ingakhale motere:

"Mutu: Nyali za sola, katoni K162,000 mpaka pa 30 Meyi

Moni Bambo Uje,

Tikhulupirira muli bwino ndipo malonda akuyenda. Ndine Uje, wa ku kampani ya Yakutiyakuti, imene imapikulitsa nyali za sola.

Tati tikudziwitseni kuti tatsitsa mtengo wa nyali zathu. Katoni ya nyali 12, imene timagulitsa K180,000, tsopano ili pa K162,000, kutanthauza kuti nyali imodzi mukuipikula K13,500. Mtengowu ukhalapo mpaka pa 30 Meyi. Mukatenga makatoni asanu kapena kuposerapo, tidzakubweretserani kusitolo kwanu, thiransipoti ndi yathu.

Mukafuna kuoda kapena kuona kaye nyaliyo, mutiimbire kapena mutilembere pa WhatsApp pa nambala ili m'munsiyi.

Zikomo kwambiri chifukwa cha nthawi yanu.

Ine wanu,
Uje"

Taonani kuti sindinalembe "tidzakubweretserani mwaulere". Mawu oti "ulere" pamodzi ndi "mwayi wanu ndi uno" ndi "fulumirani" ndi amene amakonda anthu akuba pafoni, aja otumiza mauthenga akuti mwawina. Eni mabizinesi anachenjera nawo, moti kalata yokhala ndi mawu amenewa komanso zizindikiro zofuula zambiri amaifufuta asanafike pakati. "Thiransipoti ndi yathu" akunena zomwezo m'chilankhulo cha pamsika. Pa chifukwa chomwechi, musaike nambala ya Airtel Money kapena TNM Mpamba yolipirirapo m'kalata yoyamba. Za malipiro mudzakambirane munthuyo akaimba. Tsiku lomaliza litchuleni kamodzi, mosaopseza. Deti lokha ndi lokwanira kumufulumizitsa.

Abwana anu mwina adzafunsa chifukwa chake kalata yafupika. Muwaonetse pepala la mfundo lija kuti aone kuti palibe chatayika. Chimene simuyenera kusintha panokha ndi malonjezo. Ngati Chingerezi chikuti timaperekera mkati mwa mzinda wokha, Chichewa chinenenso choncho, apo ayi wa ku Mchinji adzaoda makatoni asanu n'kumadikira galimoto yanu. Chimodzimodzi za nyali yowonongeka: lembani momveka kuti mumasintha kapena mumakonza, ndiponso kwa miyezi ingati.

Musanatumize kwa onse, iwerengeni mokweza ngati mukulankhula ndi munthu wamkulu pa kauntala yake. Pamene lilime lapunthwa, pamenepo patsalira Chingerezi. Kenako mupatse wogulitsa mmodzi amene sanaone ya Chingerezi ija, mumufunse kuti katoni ndi zingati, mtengowo utha liti, ndipo akafuna kuoda achite chiyani. Akayankha zitatuzi osabwereranso kuwerenga, tumizani. Ndipo poti eni magolosale ambiri amatsegula WhatsApp kuposa imelo, konzaninso yaifupi ya kumeneko: moni, dzina lanu, ndime ya mtengo ija ndi nambala yoimbira.