Ukagule, ukagula, utagula, ukadagula: kusiyana kwake

"Ndimaphunzitsa Chichewa Fomu 2. Ana anga amalankhula bwinobwino, koma polemba amasokoneza ukagule, ukagula ndi ukadagula. Ndiwafotokozere bwanji?"

Aphunzitsi, malamulo muyambe mwawasiya kaye. Tengani mneni mmodzi ndi nkhani imodzi yomwe mwana aliyense amaidziwa, yotumidwa kumsika, ndipo muziizunguza mpaka phunziro lithe.

Lembani pabolodi ziganizo ziwiri izi: "Ukagule mchere" ndi "Ukagula mchere". Afunseni kuti chokwanira pachokha ndi chiti. Onse adzaloza choyamba, chifukwa chachiwiri chimasiya munthu akudikira kuti ndiye zitani: "Ukagula mchere, ubwerere pompo." Chomwe chasintha ndi lembo lomaliza lokha. M'ziganizo zotere, mneni wothera ndi -e sanena zomwe zachitika kapena zikuchitika, amanena zomwe wina akufuna kuti zichitike: kutuma, kupempha, kulola, kufunira zabwino. N'chifukwa chake pakhomo timafunsa kuti "Ndilowe?" ndipo potsanzikana timati "Muyende bwino." Ka- wa mu ukagule akungonena kuti ntchitoyo ikachitikira kwina, pomwe ka- wa mu ukagula akuyika chinthu choyenera kuyamba chachitika kuti chinzake chitsatire.

Njira yachidule yoti mwana adziyese yekha ndi kukana chiganizocho. Ukagule amakanidwa ndi -sa-: "Usakagule mchere." Ukagula salola zimenezo, amafuna mneni kupanda: "Ukapanda kugula mchere, ndiwo tidya zosakoma." Mwana akalemba -sa- pamene pamafunika kupanda, dziwani kuti mitundu iwiriyi sanaisiyanitsebe.

Pomwe mukhalitsepo ndi pa mlumikizi kuti, chifukwa ambiri amagwa apa. "Amayi anena kuti ugula mchere" ndi kungofotokoza zomwe amayiwo akuyembekezera. "Amayi anena kuti ugule mchere" ndi kutumidwa. Chimodzimodzinso ponena cholinga: "Ndakupatsa ndalama kuti ugule mchere", osati "kuti ugula". Koma muwachenjeze kuti si kufuna konse kumene kumathera ndi -e. Tikalowetsa -zi- wa chizolowezi, -a amabwerera: "Uzigula mchere wa ayodini."

Tsopano ziganizo zodalirana. Funso lomwe mwana azidzifunsa asanasankhe ndi limodzi: kodi wolankhulayo akuchiona bwanji chinthucho? Ngati akuyembekezera kuti chichitika, kapena chimachitika nthawi zonse, ndi -ka-, monga m'mwambi uja woti "Ukaipa dziwa nyimbo." Ngati sakudziwa kuti zili bwanji, amagwiritsa ntchito mawu oti ngati pamodzi ndi mneni wamba: "Ngati wagula mchere, bwera nawo kuno." Amayi apa sakudziwa ngati mwana wagula kapena ayi. Ngati akungoganizira zinthu zotheka koma zakutali, ndi -ta-, ndipo mbali yachiwiri imatenga -nga- kapena -khoza: "Utagula thumba lonse la mchere, tingathe chaka osapitanso kumsika." Onani kuti -nga- nayenso amakoka -e: tingathe, ndingagule.

Wa -kada- ndi wa zomwe zinalephereka kale, wodandaulira. Ndiwo zapsa, mchere mulibe: "Ukadagula mchere, tikadadya bwino." Mbali zonse ziwiri zikhale ndi -kada-, kapena yachiwiri iyambe ndi bwenzi: "Ukadagula mchere, bwenzi pano tikudya." Cholakwa chomwe mudzachione kawirikawiri m'makope ndi kusakaniza, monga "Ukadagula mchere, tidzadya bwino." Mbali yoyamba yatseka kale khomo, yachiwiri ikuyembekezerabe. Pokana, mbali ziwirizi siziyenda mofanana: yoyamba imatenga kupanda, yachiwiri imatenga si-. "Ukadapanda kuchedwa, sitikadagona ndi njala." Amene alemba ukanagula musamuchonge kuti walakwa, -kana- ndi -kada- ntchito yawo ndi imodzi, bola asasinthesinthe m'chimangirizo chimodzi.

Pali misampha iwiri yomwe ndi bwino kuitchula mwana wanzeru asanakufunseni. -ta- amanenanso zomwe zinachitikadi: "Utagula mchere unapita kuti?" Nayenso -kada- amatha kutanthauza kuti chinthu chikupitirira, monga "Mwana akadagona" kapena "Akadali kumsika." Polankhula, kukweza ndi kutsitsa mawu kumathandiza, koma papepala sitikulemba, choncho chomwe chimaulula ndi mbali inayo ya chiganizo: mukaona -nga- kapena bwenzi, ndi zongoganizira kapena zolephereka, mukaona -na- wa nthawi yakale pambuyo pa -ta-, ndi nkhani yochitikadi.

Pa ntchito ya m'kalasi, apatseni mbali yoyamba yokha amalize okha: "Mvula ikagwa...", "Mvula itagwa mu Julayi...", "Mvula ikadagwa...". Kenako akane chilichonse. Pochonga muziyang'ana mbali yachiwiriyo, ndi pamene pamaonekera amene wamva ndi amene wangoloweza.